Mawu oyamba ndi mawu olemera: chimene chimalamulira chithunzi chotsatsira malonda chopangidwa ndi kompyuta

Dandaulo la anthu ambiri amene ayamba kupanga zithunzi zotsatsira malonda ndi mapulogalamu monga Stable Diffusion ndi Midjourney ndi limodzi: chithunzi chimatuluka chokongola, koma katundu amene akugulitsayo saoneka. Munthu afuna kutsatsa uchi, makina amupatsa mayi womwetulira atadzaza chithunzi chonse, botolo la uchi lili kakang'ono m'munsi, mwina lodukanso theka. Akafunsa anzake, wina amati aike mabulaketi, wina amati aike manambala, wina amati mawu ofunika azikhala poyamba. Malangizo onsewa ali ndi choonadi chake, kungoti aliyense amagwira ntchito pa pulogalamu yake komanso pa mlingo wake. Ukawasakaniza, chithunzi chimangoipiraipira.

Mawu amene timalembera makina pofotokoza chithunzi chomwe tikufuna amatchedwa pulomputi. Pali njira ziwiri zouzira makina kuti mu pulomputi chachikulu ndi chiti: malo amene liwu laikidwa, ndi nambala ya kulemera imene liwulo lapatsidwa.

## Makina amawerenga bwanji pulomputi

Stable Diffusion inatuluka mu Ogasiti 2022, ndipo mtundu wake wa SDXL unabwera mu Julayi 2023. Mitundu imeneyi siwerenga mawu yokha. Imadalira chowerengera mawu chotchedwa CLIP, chimene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2021. Ntchito yoyamba ya CLIP ndi kuduladula pulomputi m'tizidutswa totchedwa matokeni. Liwu lodziwika bwino la Chingerezi, monga `honey`, limakhala tokeni imodzi. Liwu lachilendo limadulidwa kawiri, katatu kapena kuposa apo, ndipo mpatuliro nawonso umadya tokeni yakeyake. CLIP imalandira matokeni 77 pa nthawi imodzi. Awiri ndi osonyeza poyambira ndi pothera, choncho a wolemba ndi 75.

Apa pali chifukwa chimene pulomputi imalembedwera m'Chingerezi ngakhale malondawo akupita kwa anthu olankhula Chichewa. Makinawa anaphunzira kuchokera ku zithunzi zochuluka zokhala ndi mawu ofotokozera a Chingerezi. Ukalemba kuti uchi kapena chitenje, liwulo limadulidwa m'tizidutswa tosagwirizana ndi chinthu chenichenicho, ndipo kulipatsa nambala yaikulu ndi kukweza phokoso chabe. Kulemera kumakulitsa chimene makina akudziwa kale, sikuwaphunzitsa chatsopano. Ofuna nsalu ya chitenje amalemba `African wax print fabric`.

Tokeni iliyonse imasandutsidwa mndandanda wa manambala. Chithunzi chimayamba ngati mchenga wa pa wailesi yakanema yopanda siteshoni, kenako chimayeretsedwa pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 30. Pa ulendo uliwonse, kachigawo kalikonse ka chithunzi kamayang'ana matokeni onse n'kusankha oti kawamvere kwambiri. Chidwi chimenechi n'chogawana ngati nsima ya m'mbale imodzi: liwu lina likatapa yambiri, ena onse amatsala ndi yochepa. Ndiye kuti liwu lililonse lowonjezera mu pulomputi, ngakhale lokometsera chabe, likudya nawo m'mbale ya katundu wanu.

## Chifukwa chake mawu oyamba amalamulira

CLIP imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo tokeni iliyonse imamva za anzake amene ali kumanzere kwake okha. Zili ngati anthu oyankhula pa bwalo la milandu motsatana: woyamba kuyankhula sanamve za wina aliyense, koma onse obwera pambuyo pake amayankhula atamva kale mawu ake. Liwu loyamba limalowerera m'mawu onse otsatira, pamene liwu lomaliza lilibe woti limulowerere kupatula matokeni otsekera. Chinanso n'chakuti mawu ofotokozera zithunzi amene makina anaphunzirirapo nthawi zambiri amayamba ndi mwini chithunzi, ndiye makina anazolowera kuti choyamba kutchulidwa ndicho chodzaza malo.

Izi si lamulo lachitsulo. Liwu lamphamvu ngati `woman` likhoza kugonjetsa liwu lofooka ngakhale litaikidwa kumapeto, chifukwa makina anaona nkhope za anthu zambirimbiri kuposa mabotolo a uchi. Malo a liwu amangopendeketsa sikelo.

Tione pulomputi yoyamba ya munthu wogulitsa uchi wa m'botolo la galasi lokhala ndi chotsekera chobiriwira:

```
beautiful smiling African woman in a sunny market,
colorful fabric, flowers, bees, golden sunset,
holding a glass jar of honey with a green lid,
advertising photo, high quality
```

Munthu akawerenga amamva kuti nkhani ndi uchi. Makina amamva kuti nkhani ndi mayi. Mawu anayi oyamba onse ndi a iye, ndipo `smiling` akukakamiza kuti nkhope ioneke bwino, kutanthauza kuti kamera iyandikire kumaso. Botolo likubwera pambuyo pa msika, nsalu, maluwa, njuchi ndi dzuwa lolowa. Chimene chimatuluka kawirikawiri ndi chithunzi cha mayi kuyambira m'chiuno kupita kumutu, botolo lili laling'ono, mtundu wobiriwira utathawira pa duku kapena pa bulauzi, ndipo chithunzi chonse chitapakidwa chikasu chifukwa `golden sunset` ndi `honey` akukokera mbali imodzi. Uchi wa chikasu pa chithunzi cha chikasu suoneka.

Tisanakhudze nambala iliyonse, tisinthe malo a mawu ndi kuchotsa opikisana nawo:

```
product photo of a glass jar of honey with a green lid,
close-up, held in a woman's hands,
blurred market background, soft daylight
```

Pasintha zinthu zinayi. Mtundu wa chithunzi, `product photo`, ndi katundu zabwera poyamba. Mayi wasanduka manja okha, choncho nkhope siikupikisananso. `close-up` akunena kukula kwa botolo m'chithunzi, chinthu chimene nambala ya kulemera siingathe kunena. Dzuwa la chikasu lachoka kuti uchi usiyane ndi zozungulira. Nthawi zambiri kusintha kumeneku kokha kumathetsa gawo lalikulu la vuto, ndipo amene amathamangira manambala asanachite izi amavutika pachabe.

Maonekedwe a chithunzi nawonso amavota. Pa SDXL, chithunzi chofanana mbali zonse cha 1024 kwa 1024 chimakonda chinthu chimodzi pakati. Chachitali, monga cha 832 kwa 1216 chimene anthu amafuna pa foni, chimakopa makina kuti aimike munthu wathunthu ngati m'pulomputi muli munthu. Ngati botolo likucheperabe pa chithunzi chachitali, yesani kaye chofanana mbali zonse kuti muone ngati vuto ndi mawu kapena ndi malo.

## Manambala a kulemera pa Stable Diffusion

Kalembedwe ka mabulaketi si ka Stable Diffusion yeniyeniyo. Ndi ka mapulogalamu amene anthu amaigwiritsira ntchito, makamaka AUTOMATIC1111 ndi ComfyUI. Pa AUTOMATIC1111 kamayenda motere:

```
(honey)       1.1
((honey))     1.21
(((honey)))   1.33
[honey]       0.91
(honey:1.3)   1.3
(honey:0.7)   0.7
```

Bulaketi iliyonse yozungulira imachulukitsa ndi 1.1, ndipo ya makona imagawa ndi 1.1. Liwu lopanda chilichonse limalemera 1.0. Kulemba nambala mwachindunji n'kwabwino kuposa kuunjika mabulaketi, chifukwa mawa mukatsegula pulomputi mudzadziwa zimene munachita popanda kuwerenga timizere. Mukasankha mawu n'kudina `Ctrl` pamodzi ndi muvi wa m'mwamba kapena wa m'munsi, pulogalamu imakulemberani nambalayo yokha.

Chimene nambala imachita n'chosavuta. CLIP ikamaliza kusandutsa tokeni kukhala mndandanda wa manambala, pulogalamu imakulitsa kapena kuchepetsa mndandandawo musanalowe kopangira chithunzi. Ndi ngati kukweza mawu a woimba mmodzi m'kwaya. Akakwezedwa pang'ono, amamveka bwino. Akakwezedwa kwambiri, sipika imalira ndipo nyimbo imatayika. Makina sanaphunzirepo pa mindandanda yokulitsidwa kawiri, ndiye akapatsidwa yotero amasochera.

N'chifukwa chake ozolowera ntchitoyi amakhala pakati pa 1.1 ndi 1.4 pokweza, ndi pakati pa 0.6 ndi 0.9 potsitsa. Kupitirira 1.5 zizindikiro zimayamba kuoneka, ndipo ndi bwino kuzidziwa. Choyamba ndi kuchulukana: botolo limodzi limasanduka atatu, kapena mashelefu a kumbuyo amadzaza mabotolo. Chachiwiri ndi kudontha: uchi umatuluka m'botolo n'kuyenderera pa manja ndi pa tebulo, khungu la munthu n'kuyamba kunyezimira ngati lapakidwa uchi. Chachitatu ndi kupsa: mitundu imawala mopweteka maso, m'mphepete mwa zinthu mumakhala mizere yakuda, galasi limaoneka ngati pulasitiki. Mukaona chimodzi mwa izi, tsitsani nambala; musawonjezere mawu ena oti akonze.

Kupsa kumeneku kumabweranso ndi `CFG Scale`, nambala imene imanena kuti makina amvere pulomputi yonse molimba bwanji. AUTOMATIC1111 imayambira pa 7. Kulemera kwa 1.4 kumene kunali bwino pa 7 kukhoza kuwotcha chithunzi pa 11, chifukwa mphamvu ziwirizi zimaunjikana. Sankhani `CFG Scale` kaye, muisiye pomwepo, kenako muziyesa kulemera.

Tibwerere ku uchi. Tiyerekeze kuti pulomputi yachiwiri ija yabweretsa botolo lalikulu bwino, koma msika wa kumbuyo uli ndi anthu ndi matebulo ambiri moti diso likuthawirako. Ambiri amalemba `(blurred market background:0.7)`, ndipo amadabwa kuona kumbuyo kukuoneka bwino kuposa kale. Chachitika n'chakuti nambala yagwira mawu onse a m'mabulaketi, kuphatikizapo `blurred`. Atsitsa msika, koma atsitsanso chimbuuzi chimene chimabisa msikawo. Mawu awiriwa akufuna kupita mbali zosiyana, choncho alekanitsidwe:

```
product photo of a (glass jar of honey:1.2)
with a green lid, close-up, held in a woman's hands,
(blurred background:1.1), (market stalls:0.7),
soft daylight
```

Onani kuti `green lid` sanakwezedwe. Mtundu ndiwo umadontha msanga kuposa china chilichonse, ndipo `(green lid:1.4)` amabiriwitsa malaya, nsalu za pa msika, nthawi zina ndi uchi womwe. Ngati chotsekera chikukana kubiriwira, njira yotetezeka ndi kutchula mitundu ya zinthu zinazo kuti zisakhale zopanda mwini, monga `white blouse`, kapena kusiya mtunduwo n'kudzaukonza pamapeto pa kachigawo ka chotsekera kokha.

Onaninso kuti zokwezedwa ndi ziwiri basi, china kwambiri china pang'ono. Pulomputi imene liwu lililonse lili pa 1.3 ilibe mtsogoleri. Pa AUTOMATIC1111 izi n'zoona ngakhale m'masamu ake, poti ikachulukitsa matokeni imabwezeranso avereji ya gulu lonse pamene inali, ndiye kukweza onse kumangofanana pafupifupi ndi kusakweza aliyense. ComfyUI imawerengera mwa njira ina ndipo siibwezera avereji motero, choncho nambala yomweyo imakhala yaukali kwambiri kumeneko. Pulomputi yokopera kwa mnzanu wa AUTOMATIC1111 ikafika pa ComfyUI, yambani ndi kutsitsa manambala ake. Mabulaketi a makona nawo satsitsa kanthu pa ComfyUI. Kumeneko lembani nambala yochepera 1.0.

## Malire a matokeni 75

Pa ngodya ya bokosi la pulomputi, AUTOMATIC1111 imaonetsa kawerengero monga `31/75`. Mukadutsa 75 kamasintha kukhala ka 150. Pulomputi siidulidwa, koma imagawidwa magulu awiri amene CLIP imawerenga padera. Liwu limene lagwera poyambira gulu lachiwiri limapeza mwayi wa woyamba kuyankhula, ngakhale litakhala lopanda pake. Pulomputi yaitali ikasintha khalidwe mwadzidzidzi mutangowonjezera mawu awiri, yang'anani kawerengeroka.

Mukhoza kugawa nokha polemba `BREAK` m'zilembo zazikulu. Zofotokoza botolo zikhale gulu loyamba, za manja ndi zovala gulu lachiwiri. Popeza magulu samvana powerengedwa, `green` salowerera m'mawu a zovala, ndipo kudontha kwa mtundu kumachepa. Sikutheratu, chifukwa popanga chithunzi magulu onse amakumananso.

Palinso bokosi lachiwiri, `Negative prompt`, la zinthu zosafunika. Kulemba `no bees` m'bokosi lalikulu nthawi zambiri kumabweretsa njuchi, chifukwa makina amagwira dzina la chinthu n'kunyalanyaza kukanako. Njuchi, nkhope ndi zilembo zosafunika zilembedwe m'bokosi lachiwirili: `bees, face, text`. Manambala amagwiranso ntchito m'menemo, ndipo amawononga chimodzimodzi akachuluka.

## Midjourney ndi mitundu yatsopano

Pa Midjourney mabulaketi sakweza kanthu. Kumeneko chizindikiro ndi `::`, chimene chimadula pulomputi m'zigawo, ndipo nambala yotsatira imalemeretsa chigawo chonse cha kumanzere kwake:

```
glass jar of honey, product photo, close-up::2
market stalls, soft daylight::1 --no bees
```

Chofunika apa ndi kusiyana kwa manambala, osati kukula kwake: 2 ndi 1 n'chimodzimodzi ndi 4 ndi 2. Nambala ikhoza kukhala yochotsera, bola zonse zikaphatikizidwa zipitirire ziro, ndipo `--no` ndi chidule cha kulemera kwa -0.5. Msampha wake ndi wakuti chigawo chilichonse chimamvedwa pachokha. Mukaika mayi m'chigawo china, botolo m'chigawo china, ubale wakuti wanyamula botolo umaduka, ndipo makina akhoza kusakaniza ziwirizo m'malo moziika pamodzi. Zinthu zogwirana zikhale m'chigawo chimodzi. Kalembedweka kamagwira ntchito mpaka pa mtundu wa 6.1 wa Midjourney. Mtundu wa 7, umene unatuluka mu 2025, unabwera wopanda njira imeneyi, choncho kumeneko chotsala ndi malo a mawu ndi `--no`.

Mitundu yatsopano monga FLUX, imene Black Forest Labs inatulutsa mu Ogasiti 2024, ili ndi chowerengera china chotchedwa T5 chimene chimamva ziganizo zathunthu. Kumeneko manambala a m'mabulaketi sadalirika, ndipo pa mawebusaiti ambiri ongolemba n'kudina, mabulaketi amawerengedwa ngati zilembo wamba. Chimene chimagwira ntchito ndi kuyamba ndi katundu, kumupatsa mawu ambiri ofotokoza kuposa china chilichonse, ndi kunena mwachindunji kuti ali pati: `the jar fills the center of the frame`. Kuchuluka kwa mawu operekedwa kwa chinthu ndiko kulemera kwake.

## Kuyesa kuti mudziwe chimene chasintha

Chithunzi chilichonse chimayambira pa mchenga wosiyana, ndipo nambala imene imasankha mchengawo ndi `Seed`. Ikakhala pa -1, imasintha nthawi iliyonse. Munthu amene wakweza botolo kufika 1.3 n'kuona chithunzi chabwino sangadziwe ngati ndi nambalayo kapena ndi mwayi. Choncho poyesa, `Seed` ikhale yokhazikika, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi.

`Seed` imodzi nayo imanamiza, poti ina imangokonda botolo lalikulu mwachibadwa. AUTOMATIC1111 ili ndi chida chotchedwa `X/Y/Z plot` chimene chimathetsa izi. Mu pulomputi lembani `(glass jar of honey:1.0)`. Pa `X type` sankhani `Prompt S/R`, n'kulemba izi:

```
honey:1.0, honey:1.1, honey:1.2, honey:1.3, honey:1.5
```

Mawu oyamba pa mndandandawu ayenera kupezeka mu pulomputi ndendende, apo ayi chida chimakana. Otsatirawo amalowa m'malo mwake mmodzimmodzi. Pa `Y type` sankhani `Seed` n'kuika manambala anayi aliwonse. Patuluka zithunzi 20 pa tebulo limodzi. Werengani tebulolo motsika: mzere wa 1.2 uli ndi zithunzi zinayi, kodi botolo likulamulira pa zingati? Sankhani nambala yaing'ono kwambiri imene ikupambana pa zitatu kapena zonse zinayi. Ngati palibe mzere wopambana mpaka pa 1.5, pomwe kupsa kwayamba kale, vuto si kulemera. Mu pulomputi mwatsala liwu lopikisana, kapena palibe mawu onena kukula kwa botolo. Chida chomwechi chili ndi `Prompt order`, yoyesera malo a mawu, koma musaipatse zigawo zambiri: zitatu zimabala ndondomeko 6, zisanu zimabala 120.

Poweruza, chepetsani chithunzi chikhale ngati momwe chidzaonekere pa foni, n'kuchiyang'ana kamphindi kamodzi. Chimene diso lagwera poyamba ndicho chikulamulira. Ngati m'chithunzi muli nkhope, diso limapita kumeneko ngakhale botolo litakula chotani, n'chifukwa chake manja okha amathandiza kuposa 1.4 pa botolo.

## Zimene kulemera sikungachite

Palibe nambala imene ingapangitse makina kujambula botolo lanu lenileni. Iwo amajambula botolo la uchi la wina aliyense, ndipo pa SDXL chizindikiro cha kampani ndi zilembo za pa lebulo zimatuluka zopotoka. Kukweza dzina la malonda mu pulomputi kumangomwaza zilembo zopanda tanthauzo paliponse. Wogula akalandira botolo losiyana ndi la pa chithunzi amadandaula, choncho ambiri amajambula botolo lenileni ndi kamera pa kuwala kofanana ndi kwa chithunzicho, n'kuliika m'malo mwa lopangidwa ndi makina. Ena amayamba ndi chithunzi chenichenicho, n'kuphimba botolo kuti lisakhudzidwe, makina n'kujambula zozungulira zokha kudzera pa `Inpaint`. Pamenepo pulomputi imatembenuka: botolo lilipo kale, ndiye mawu oyamba akhale a malo ndi kuwala, ndipo `jar` apite ku `Negative prompt` kuti pasamere lachiwiri pambali.

Malo olembapo mtengo ndi nambala ya foni nawonso sabwera bwino ndi kulemera. `(empty space:1.5)` amachotsa zinthu paliponse, osati pamene mukufuna. Njira yodalirika ndi kupanga chithunzi chofanana mbali zonse botolo lili pakati, kenako kuchitalikitsa m'mwamba kapena kumbali ndi pulomputi yaifupi yonena za kumbuyo kokha, monga `soft blurred background`, popanda kutchula botolo, manja kapena uchi. Zilembo za Chichewa zilembedwe pamwamba pake ndi pulogalamu yokonzera zithunzi.